Mulu unaposa dzenje lake

Munali mu Okutobala wa 2022, dzuwa lija lowotcha mpaka m'nsapato, pamene ndinanena munthu wosalakwa kuti ndi wakuba. Ndinamunenera pa puloti yanga ku Chinsapo, pamaso pa anyamata ake awiri ndi aganyu anga anayi, ndipo mawu anga anamveka mpaka kuseri kwa mpanda wa aneba. Chimene tinkakanganirana chinali dothi, katondo wofiira wotuluka m'dzenje la sepitiki thanki. Papita nthawi ndithu, nyumba inatha, tikugonamo, koma ndikakumana ndi tipa ya buluu pa msewu wa ku Likuni mtima umagundabe.

Masamu a kuseri kwa envulopu

Mmisiri wanga anali atandiuza kukula kwa thanki: mamita 3 m'litali, mita 1.5 m'lifupi, mamita 2 kuya. Ndinatenga envulopu yakale n'kuchulukitsa manambala atatuwo, 3 × 1.5 × 2, ndipo ndinapeza makiyubiki mita 9. Kiyubiki mita imodzi ndi bokosi la mita imodzi mbali zonse, malita 1,000, ndowa 50 za malita 20. Mpaka apa sindinalakwitse kanthu.

Aganyu atamaliza kukumba, mulu wa dothi unatseka njira yolowera pa puloti. Njerwa zinali zoti zibwere sabata yomweyo, ndipo aneba anali atayamba kudandaula kuti mvula ikagwa dothi lonselo lidzathera m'ngalande yawo. Ndinapeza bambo wina wa tipa, tinagwirizana kuti ndizilipira pa ulendo. Anandiuza kuti tipa yawo imanyamula makiyubiki 4. Ndinabwerera ku envulopu ija: 9 kugawa ndi 4, maulendo awiri ndi kachidutswa, tingoti atatu. Ndinawauza kuti, "Chotsani mulu wonsewu, ndidzakupezani madzulo," n'kupita kuntchito ndalama za maulendo atatu zili m'thumba.

Maulendo asanu

Nditafika cha m'ma 4 koloko, tipa inali itaima pa geti, injini yozimitsa. Mulu unali utachepa ndithu, koma unalipobe, wofika m'chifuwa.

"Bwana, tatenga maulendo asanu," anatero adalaivala aja akupukuta thukuta. "Otsalawa akhoza kukhala awiri kapena atatu. Ndati ndikudikireni kaye tisanapitirize."

Magazi anandithamangira kumutu. Asanu bwanji? Dzenje la makiyubiki 9 litulutse maulendo asanu a makiyubiki 4, dothi n'kutsalanso? Ndinatulutsa envulopu yanga n'kuwaonetsa ngati kalata ya kukhoti. Mnyamata mmodzi wa aganyu anandilozera pa khoma pamene ankalemba mizere ndi khala tipa ikamatuluka. Mizere inalidi isanu. Ine ndinati ndiye kuti agwirizana onse, agawana ndalama. Ndinati mwina tipa imachoka yosadzaza. Ndinanena zambiri, ndipo liwu loti kuba linatuluka m'kamwa mwanga kawiri.

Bambo aja sanakweze mawu. Anangoti, "Bwana, ine ntchito iyi ndakalamba nayo. Sungani ndalama zanu, mukaganiza bwino mundiimbire." Anakwera tipa yawo n'kumapita.

Usiku umenewo ndinaimbira amalume anga kuti ndiwadandaulire. Iwo anagwira ntchito ya ukapitawo pa misewu kwa zaka zambiri asanapume. Anandimvetsera osandidula, kenaka anafunsa funso limodzi: "Dzenjelo unaliyeza iwe mwini, kapena unayeza thanki ya pa pepala?" Ndinakhala chete. Iwo anati, "Ndibwera mawa m'mawa. Undikonzere ndowa ya malita 20, chigubu cha malita 5, pepala la pulasitiki ndi madzi."

Kadzenje ka amalume

Anafika mamawa pa kabaza, tepi yoyezera ili m'thumba la jekete. Sanayambe ndi dzenje lalikulu. Anayenda pa puloti n'kusankha malo amene sanakhudzidwepo, pansi pouma gwa, anapala udzu ndi dothi lakuda lapamwamba mpaka katondo ataonekera. Pamenepo anajambula kabwalo ka ngodya zinayi, masentimita 30 mbali iliyonse.

"Kumba apa, mphwanga. Kuya kwake masentimita 30 omwewo. Makoma akhale owongoka. Dothi lililonse lotuluka ulike pa thumba ili, ngakhale kambewu kamodzi kasatayike."

Ndinagwada ndi chikwanje ndi kakhasu. Inanditengera nthawi, chifukwa katondo wa mu Okutobala amalimba ngati njerwa yootcha, ndipo amalume ankabwera ndi tepi kudzandiuza kuti apa pendeketsa, apa sema pang'ono. Aganyu aja anasiya zimene ankachita n'kutizungulira. Kadzenje katatha, amalume anati tiwerengere: 0.3 × 0.3 × 0.3, zimene zikupereka 0.027 ya kiyubiki mita, kapena kuti malita 27.

"Pepala tisalikhulupirire kwambiri, lakupweteka kale dzulo," anatero. Anayala pulasitiki m'kadzenjemo, kuikanikiza bwino m'makona, n'kuyamba kuthira madzi. Ndowa yonse inalowa. Chigubu cha malita 5 chinalowa. Anawonjezera pang'ono kuchokera m'chigubu chachiwiri, osafika theka, madzi n'kufika m'milomo mwa kadzenje. Malita 27, monga tinawerengera.

Kenaka anakhuthula ndowa ija n'kundiuza kuti ndithiremo dothi la pa thumba, mongothira ndi fosholo, osatsendera ndiponso osagwedeza. Ndowa yoyamba inadzaza. Ndinakhuthula pambali n'kuyamba yachiwiri. M'mutu mwanga ndinkadikira kuti dothi lithere pansi pa theka, pamene madzi aja akanafika. Linadutsa theka. Linakaima pa magawo atatu a magawo anayi a ndowa. Amalume analowetsa kamtengo m'ndowamo n'kuyeza, n'kunena kuti ndi malita 15. Onse pamodzi 35.

Kadzenje ka malita 27, kokumba ine ndemwe ndi manja anga, kanatulutsa dothi la malita 35. Palibe tipa imene inafikapo, palibe mnyamata amene analemba mizere pa khoma. Ndinayang'ana ndowa, n'kuyang'ana kadzenje, ndipo ndinamva manyazi akuyambira m'makutu kutsikira m'khosi.

Amalume anatola chibuma chimodzi n'kuchigwira m'dzanja. "Taona. Dothi ili lakhala pansi apa chilengedwere, mvula ikulitsendera chaka ndi chaka, la pamwamba likupsinja la pansi. Malo opanda kanthu ndi ochepa. Ukalimenya ndi piki limasweka zibumazibuma, ndipo zibuma sizigonerana bwino. Pakati pa ichi ndi ichi patsala mpata, mumpatamo mwalowa mpweya. Dothi silinachuluke ayi, ukaliika pa sikelo kulemera kwake n'komwe kuja. Langofufuma."

Mmodzi wa aganyu, bambo wachikulire amene kwawo ndi mdzukulu wa kumanda, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Zimenezi ife timaziona pa maliro aliwonse. Mtumbira umachokera kuti? Bokosi limatenga malo ake inde, koma dothi lotsala limaposa bokosilo. Ndiye mvula ikadutsa mukapite mukaone, mtumbira uja waphwa." Amalume anavomera ndi mutu, nati n'chifukwa chake anthu odziwa sathamangira kumanga chiliza dothi lisanakhazikike. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za maliro onse amene ndinapitako, mitumbira yonse imene ndinaiona ndi maso anga, osafunsapo n'kamodzi komwe kuti dothi lapamwambalo latuluka kuti.

Gawani 35 ndi 27, mupeza pafupifupi 1.3. Ndiye kuti katondo wa pa puloti yanga amafufuma ndi 30 pa 100 alionse. Nambala imeneyi si ya dothi lililonse. Mchenga umafufuma pang'ono, cha pa 10 mpaka 15 pa 100, chifukwa timibulu take timagwa n'kudzaza mipata tokha. Dothi wamba la kumunda limakhala cha pa 20 mpaka 30. Dongo lomata, ngati makande a kudambo, limafika 30 mpaka 40, poti limatuluka m'zibuma zikuluzikulu zosafuna kusweka. Thanthwe loswa limaposa onsewa, limatha kuwonjezera theka la kukula kwake ngakhale kupitirira apo. Amalume anati manambala a m'mabukuwa ndi ongoyambira. Dothi la puloti imodzi limatha kusiyana pamwamba ndi pansi, ndipo lonyowa limafufuma mosiyana ndi louma. Kadzenje ka masentimita 30 ndi ndowa zimakuuza za dothi lako lenilenilo, ola limodzi lisanathe.

Dzenje lenilenilo

Tsopano tinapita pa dzenje lalikulu. Amalume anandipatsa mutu wa tepi kuti ndigwire. M'litali munali mamita 4. M'lifupi 2.5. Kuya 2.2.

Ndinafuna kuyambanso kukalipa, kuti aganyu akumba mopyola muyezo kuti ndiwalipire zambiri, koma amalume anandigwira pa mkono. Mmisiri sangamange khoma la thanki atapanikizika ndi dothi. Amafuna poima, poika ndowa ya matope, popakira pulasitala kunja kwa khoma kuti madzi asamadutse. Choncho anauza aganyu kuti asiye theka la mita mbali iliyonse. Theka uku, theka uko, mamita 3 asanduka 4, ndipo 1.5 wasanduka 2.5. Pansi napo anawonjezera masentimita 20 a konkire yokhalapo thanki. Zonsezi mmisiri ankazidziwa, ine sindinamufunse.

Chimene chinandidabwitsa ndi mmene timamita towonjezera timeneti timakulira tikachulukitsidwa. Ndi maso, theka la mita ndi kanthu kochepa. Koma 4 × 2.5 × 2.2 ndi makiyubiki 22. Dzenje linali loposa kawiri chimene ndinalemba pa envulopu, dothi lisanafufume n'komwe. Likafufuma, 22 × 1.3, mulu wake ndi makiyubiki 28.6. Pa tipa ya makiyubiki 4 amenewo ndi maulendo asanu ndi awiri ndi kachidutswa. Adalaivala aja anati atenga asanu, kwatsala awiri kapena atatu. Anangoyang'ana mulu ndi maso n'kunena zoona zokhazokha.

Aganyu anandiuzanso chinthu chimene sindinachiganizire. Wilibala ya omanga imanyamula malita pafupifupi 65. Mulu wa malita 28,600 ndi mawilibala cha m'ma 440. Ndikanati dothilo alisunthe ndi manja kupita nalo kuseri kwa puloti, ndikanapangana nawo mtengo ndikuganiza za mawilibala 140, iwo n'kukankha 440, ndipo mkangano ukanabuka ndi iwowo.

Dothi limodzi, miyezo itatu

Titakhala pa njerwa kumwa thobwa, amalume anandifotokozera mmene ankachitira pa misewu. Dothi lomwelo limayezedwa patatu, ndipo aliyense pa ntchito ali ndi muyezo wake. Wokumba amalipidwa poyeza dzenje, dothi monga linalili pansi lisanakhudzidwe. Wa lole amanyamula dothi lofufuma, choncho maulendo ake amawerengedwa pa mulu. Wokwirira amayang'ana dothi likatsenderedwa, ndipo lotsenderedwa bwino ndi makina limatha kuchepa kuposa mmene linalili pansi poyamba. Mikangano yambiri ya pa ntchito zokumba, iwo anati, imayamba pamene wina akunena za dzenje, mnzake akunena za mulu, onse akutchula liwu limodzi lomwelo loti kiyubiki.

Kenaka anandifunsa funso limene linandizizira thupi. "Thanki ikamangidwa, mpata wa theka la mita uja udzakwirira ndi chiyani?"

Sindinali nditaganizapo. Tinawerengera limodzi. Thanki pamodzi ndi konkire yake yapansi idzatenga 3 × 1.5 × 2.2, pafupifupi makiyubiki 10. Dzenje ndi 22. Mpata wotsala wofunika kukwirira ndi 12. Kuti mpata wa makiyubiki 12 udzaze n'kulimba ngati kale, pafunika dothi lofufuma lokwana 12 × 1.3, makiyubiki 15.6. Dothi loyenera kuchoka pa puloti linali la malo a thanki okha, 10 × 1.3, makiyubiki 13, maulendo atatu odzaza ndi kena kochepa kamene kakanatha kumwazidwa pabwalo.

Ine ndinali nditalamula kuti mulu wonse uchoke. Maulendo asanu anachotsa makiyubiki 20, pa puloti n'kutsala 8.6 pamene ndinkafuna 15.6. Ndinali nditaperewera ndi 7. Adalaivala aja akanapanda kuima kuti andidikire, akanangotsatira mawu anga mpaka mulu kutha, ndikanalipira kuchotsa dothi langa lonse n'kudzalipiranso kugula lina lokwirira. Munthu amene ndinamutcha wakuba ndi amene anandipulumutsa ku zimenezo.

Chinandithandiza ndi sokawe, dzenje lolandira madzi otuluka m'thanki, limene tinali tisanakumbe. Lathu linali lozungulira, mamita 2 kupingasa, 2.5 kuya. Dzenje lozungulira umatenga theka la kupingasa kwake, pano mita imodzi, kulichulukitsa ndi lokha, kenaka ndi 3.14, kenaka ndi kuya: 3.14 × 1 × 1 × 2.5, pafupifupi makiyubiki 7.9. Likafufuma ndi 10 ndi pang'ono. Popeza sokawe yathu inali yodzaza ndi miyala, dothi lake lonse linali lotsala, ndipo linakwanira kutseka 7 uja. Amalume anati aganyu aliunjike pafupi ndi thanki, lisapite kwina kulikonse.

Mulu wa pamphepete

Pali chinthu chimodzi chimene amalume anakalipa nacho tsiku limenelo, ndipo si ndalama. Dothi lotsala lija linali litaunjikidwa pamlomo penipeni pa dzenje, mbali ya kum'mawa. Anandikokera pamenepo n'kundionetsa kamng'alu kakang'ono pansi, kotalika ngati mkono, koyenda motsatira mphepete mwa dzenje. Ine ndikanakadutsa osakaona.

"Ichi ndi chizindikiro choti khoma layamba kulekana ndi nthaka. Kiyubiki imodzi ya dothi ili imalemera cha pa tani imodzi ndi theka. Mwaunjika matani angati apa? Ndipo mawa mmisiri wako alowa pansi apo, mamita awiri, atawerama."

Dothi likagumukira munthu silifunika kumukwirira mutu kuti limuphe. Likangofika m'chifuwa, akatulutsa mpweya limamufinya, osathanso kukoka wina. Tsiku lomwelo aganyu anasuntha mulu wonse kuti pakhale mpata woposa mita imodzi kuchokera pamlomo, ndipo mbali ya mng'alu ija anaisema kuti ikhale yopendekeka. Amalume anati dzenje lililonse lopitirira mita 1.2, lofika munthu m'chifuwa, lisalowedwe mwachisawawa: makoma ake apendekeke kapena atchingidwe ndi matabwa, makamaka mvula ikagwa kapena ngati dothi lili la mchenga. Katondo wouma amanyenga chifukwa amaima chilili ngati khoma la nyumba, koma akamwa madzi amasintha.

Kupendeketsa makoma kumawonjezeranso dothi, ndipo izi ziyenera kulowa m'masamu. Tikanapendeketsa mbali zonse zinayi mpaka pamwamba pakhale mamita 5 kwa 3.5, pansi pakhalebe 4 kwa 2.5, tikanatenga bwalo la pamwamba, 17.5, ndi la pansi, 10, kupeza pakati pake, 13.75, n'kuchulukitsa ndi kuya. Zikubwera cha pa makiyubiki 30. Njira imeneyi imapitirira pang'ono muyezo weniweni, koma powerengera maulendo a tipa ndi yokwanira. Makiyubiki 30 akafufuma ndi 39.

Ndiponso mulu umadya malo kuposa dzenje lake. Dothi lothira silingaime chilili, limatsetsereka mpaka litapeza popumira. Makiyubiki 28.6 ataunjikidwa mulu umodzi wosongoka ngati chulu, ungatalike kupitirira mamita awiri, ndipo tsinde lake lingapingase pafupifupi mamita 7. Dzenje linatenga masikweya mita 10 a puloti, mulu wake ukufuna oposa 30. Anthu oponya ndi fosholo safika msinkhu umenewo, choncho mulu wawo umayala kwambiri. N'chifukwa chake njira yanga inatsekeka. Pa mapuloti athu ang'onoang'ono a m'tauni, malo oika dothi ayenera kupezeka piki isanamenye pansi.

Mvula itabwera

Pokwirira thanki amalume anabweranso kudzayang'anira. Ankathira dothi lokwana masentimita 15, kuwaza madzi pang'ono kuti lichite chinyezi osasanduka matope, n'kulisinja ndi chipika cholemera chokhala ndi zogwirira mpaka phazi lisamasiye chidindo. Kenaka masentimita ena 15. Ntchito yotopetsa, ya masiku awiri, ndipo anadikira kaye kuti makoma a thanki aume bwino asanayambe kusinja pambali pake. Mbali imeneyo mpaka lero sinasunthe.

Ngalande ya paipi yochokera kunyumba kupita ku thanki ndi imene tinaichita amalume kulibe. Inali ya mamita 12 m'litali, theka la mita m'lifupi. Kuya kwake kunkasintha chifukwa paipi iyenera kutsetsereka: masentimita 40 kunyumba, 80 ku thanki. Ngalande yotere umatenga kuya kwa pakati, masentimita 60, ndiye 12 × 0.5 × 0.6, makiyubiki 3.6. Paipi ya mamilimita 110 imatenga malo ochepa kwambiri, kungopitirira pang'ono malita 100 pa mtunda wonsewo. Kunena kwina, pafupifupi dothi lonse lotuluka m'ngalandemo linayenera kubwereramo.

Aganyu anangolikokera ndi makasu, kupondaponda pamwamba, ngalande n'kudzaza. Panatsala mulu wa mawilibala oposa khumi, ndipo ine ndinawauza kuti akauthire m'munda wa masamba. Ndinali nditaphunzira kuti dothi limafufuma, koma phunziro lake lachiwiri linali lisanalowe: ngati wakwirira ngalande ya kapaipi kakang'ono n'kutsala ndi dothi lambiri, ndiye kuti mpweya uja waukwirira pansi. Dothi lotsalalo ndi muyezo wa mmene pamalopo padzatitimirire.

Mvula ya mu Januwale inachita zimene ife sitinachite. Mzere wonse wa ngalande unatitimira, malo ena mpaka kubisa chikhatho choimika, ndipo madzi a padenga anayamba kuyenda m'menemo ngati mtsinje wawo. Njerwa zimene tinayala podutsa popita kukhitchini ya panja zinapendekeka n'kusweka. Mwayi wake paipi sinathyoke. Tinachotsa njerwa, kufukula dothi la pamwamba, kubweza lija la kumunda wa masamba n'kusinja pang'onopang'ono monga anachitira amalume, n'kusiya kamtumbira pamwamba kuti kadzaphwe kokha. Njerwa tinadzayalanso mvula itatha.

Miyala ya sokawe

Adalaivala aja ndinawaimbira tsiku lomwe lija la kadzenje, amalume asananyamuke. Sanayankhe. Madzulo ndinapita kumene amaimika matipa podikira ntchito, ndinawapeza atakhala pa benchi ndi anzawo. Ndinapepesa pamaso pa anzawowo, chifukwa kunyoza ndinawanyozera pagulu. Ndinawapatsa ndalama za maulendo asanu. Anaziwerenga modekha, n'kunena kuti, "Zamveka, bwana. Koma mwana wanga anali pamenepo dzulo." Mmodzi wa anyamata awiri okweza dothi aja anali mwana wawo. Ndinasowa choyankha.

Patapita masabata awiri ndinafuna miyala yodzazira sokawe, ndipo ndinawaimbiranso iwo omwewo. Anavomera, koma anati pali lamulo limodzi: ndikhalepo ndekha tipa ikamafika, ndiyeze ndi tepi, ndiwerenge ulendo uliwonse. Ndinawauza kuti palibe chifukwa, ndikuwakhulupirira. Iwo anati ayi, ndikhalepo basi.

Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi kuntchito. Tipa itafika koyamba, anatsika n'kundipatsa tepi yawo. Ndinakwera pamwamba, mwana wawo atagwira mbali ina: mamita 3.2 m'litali, 2 m'lifupi, masentimita 60 kuya. Makiyubiki 3.84 ikadzaza mofanana ndi milomo, 4 ikakhala ndi kamulu pamwamba. Miyala inali ndi kamulu. Anakhuthula, anapita, anabweranso kachiwiri dzuwa lili paliwombo, ndipo mnyamata uja ananditolera khala pansi n'kundipatsa kuti mzere wachiwiri pa khoma ndilembe ndekha.